Principal kapena principle? Mawu a Chingerezi omveka mofanana ndi mmene amasokonezera mameseji a bizinesi

Ndimagwira ntchito pa kaofesi kena kobwereketsa ndalama kwa anthu a mabizinesi ang'onoang'ono, ndipo tsiku lililonse timalemba maimelo ndi mameseji ambirimbiri m'Chingerezi, ngakhale kasitomala akabwera pamaso timayankhula Chichewa bwinobwino. Chilichonse chokhudza ndalama chimayenera kulembedwa, ndiye kulembako timalemba Chingerezi basi. Nkhani yomwe ndikufuna kufotokoza inachitikira pa desiki yoyandikana ndi yanga, ndipo mpaka pano ndikaona mawu awiriwa, `principal` ndi `principle`, ndimayamba ndaima kaye.

Mayi wina wa golosale anabwereka K1,200,000 yoti abweze m'miyezi 6. Chiwongoladzanja chathu pa ngongole imeneyo chinali 5 peresenti pamwezi, kuwerengera pa ndalama yonse yomwe anatengayo, ndiye kuti K60,000 mwezi uliwonse, miyezi 6 ikukwana K360,000. Zonse pamodzi amayenera kubweza K1,560,000, kapena tinene kuti K260,000 pamwezi. Asanayambe nkomwe kubweza, mvula inaboola denga la shopu yawo nkunyowetsa matumba a shuga ndi ufa omwe anali atangopikula kumene. Anabwera ndi zithunzi pafoni, nkupempha kuti tiwachotsereko K200,000. Komiti inakhala pansi nkunena kuti ganizolo ndi labwino ndithu, tikugwirizana nalo, koma tidikire siginecha ya abwana, ndipo ndalamayo idzachotsedwa pa chiwongoladzanja kumapeto, pokhapokha ngati mayiwo alipira miyezi isanu yoyambirira osachedwa. Ndiye mnzanga wa pa desiki yoyandikana ndi yanga ija anapatsidwa ntchito yongowadziwitsa kuti nkhani yawo ikuyenda bwino. Analemba chonchi:

```
The committee has agreed to the K200,000 reduction in principal.
```

Chomwe ankafuna kulemba ndi ichi:

```
The committee has agreed to the K200,000 reduction in principle.
```

Muwerenge mokweza mizere iwiriyi, khutu silimva kusiyana kulikonse. Koma tanthauzo ndi lotalikirana kwambiri. Mzere wachiwiri ukunena kuti komiti yagwirizana ndi ganizolo mwachidule, zina zonse sizinathe kukambidwa, musayambe kusangalala. Mzere woyamba ukunena kuti komiti yavomera kuchotsa K200,000 pa ndalama yeniyeni yomwe munabwereka ija, ndipo palibe mawu oti "ngati" kapena "dikirani". Mwana wa mayiwo, yemwe amawawerengera maimelo, Chingerezi amachidziwa bwino, ndipo anawerenga molondola zomwe zinalembedwazo. Anatenga kakyuleta: ngongole yatsika kufika K1,000,000, chiwongoladzanja ndi K50,000 pamwezi, miyezi 6 ndi K300,000, zonse K1,300,000, ukagawa pasikisi ndi pafupifupi K216,700 pamwezi. Ife m'mabuku mwathu tinali ndi K260,000 pamwezi, ndipo ngakhale zonse zikanayenda bwino mpaka kumapeto mayiwo akanalipira K1,360,000. Kusiyana kwake K60,000, kuphatikizapo lamulo lija lolipira osachedwa lomwe linangosowa m'malere.

Zinaululika patatha mwezi, mayiwo atabwera ndi K216,700 yowerenga kale, yomanga ndi labala. Wolandira ndalama akuti, "Mayi, apa yaperewera K43,300." Iwo osakwiya ayi, anangotulutsa foni m'chikwama nkunena kuti, "Achimwene, tawerengani nokha zomwe munanditumizira, ine sindinawonjezerepo kanthu." Tinawerenga anthu atatu, ndipo awiri mwa ife sitinaone vuto ulendo woyamba, chifukwa tinali mu komiti muja ndipo mitu yathu inkawerenga zomwe timazidziwa kale. Abwana ataona anati tilemekeze zomwe tinalemba, mayi alibe mlandu. Ine ndikuona kuti anaweruza bwino, chifukwa munthu amakonza bajeti yake potengera zomwe wauzidwa.

Tsopano chomwe chimandikhudza pa nkhaniyi ndi chakuti kompyuta sinadandaule ngakhale pang'ono. Kamzere kofiira kokhotakhota kaja, komwe kanayamba kuoneka mu Microsoft Word cha m'ma 1995, ntchito yake yaikulu ndi kuona ngati mawu omwe mwalemba ali mu mndandanda wa mawu a Chingerezi. Mukalemba `principel` kabwera pompo, chifukwa kulibe mawu otero. Koma `principal` alimo, `principle` alimonso, ndiye kwa iko zonse zili bwino. Kuyambira 2007 Word inawonjezera njira yoyang'ananso mawu oyandikana nawo, ndipo masiku ano Gmail ndi Outlook amagwira zambiri ndithu, monga mukalemba `there office is closed` nthawi zambiri akuuzani. Koma amagwira pamene chiganizo chasanduka chosamveka. Chiganizo cha mnzanga uja chinali Chingerezi chabwino kwabasi, `reduction in principal` ndi mawu omwe a mabanki amalemba tsiku ndi tsiku, nde makina angadziwe bwanji zomwe komiti inakambirana m'chipinda? Ndiye kwa ine zolakwika zimenezi zili mitundu iwiri, ndipo sizilemera mofanana. Pali zongochititsa manyazi, zomwe wowerenga amaona nkudziwa chomwe mumafuna kunena. Ndiye pali zomwe mawu olakwikawo akupanga tanthauzo lina lomveka bwinobwino, ndipo zimenezi ndi zomwe zimadya ndalama.

Tiyeni tiwaone bwino mawu awiriwa. Onse amachokera ku mawu amodzi a Chilatini, `princeps`, kutanthauza woyamba kapena wotsogolera, nchifukwa chake amafanana chonchi, ndi apachibale. `Principal`, wothera ndi `al`, amanena za chinthu kapena munthu wamkulu pa zinzake. Mkulu wa koleji ndi `principal`. M'boma mwathu mlembi wamkulu wa unduna ndi `Principal Secretary`, uja timangoti a PS. Pa ngongole ndi ndalama yomwe munthu anatenga osawerengera chiwongoladzanja. M'makontrakiti ndi munthu yemwe watuma mnzake kuti amuyimire, mwini wake wa ntchitoyo. Komanso amatha kufotokoza chinthu china, monga `principal reason`, chifukwa chachikulu. Pomwe `principle`, wothera ndi `le`, ndi mfundo, lamulo lomwe munthu kapena kampani imayendera, ndipo nthawi zonse ndi dzina la chinthu, sangafotokoze chinthu china. Choncho `principle amount` kapena `principle reason` ndi zolakwika nthawi zonse, palibe poti mwina. Ndipo mawu oti `in principle` ndi okhazikika, amatanthauza kuvomera ganizo koma tsatanetsatane asanamalizidwe. Abale athu omwe ali ku Britain akafuna ngongole yogulira nyumba amayamba alandira kaye pepala lotchedwa `agreement in principle`, lomwe limangosonyeza kuti banki ikhoza kuwabwereketsa ndalama zakutizakuti, koma si ngongole yeniyeniyo.

Njira yomwe ine ndimagwiritsa ntchito ndi yosavuta: ndimachotsa mawuwo nkuikapo ena. Ngati `main` kapena `head` akukwana pamalopo, ndiye kuti ndikufuna wa `al`. Ngati akukwana ndi `rule`, yemwenso amathera ndi `le`, ndikufuna wa `le`. Koma zoona zake, pa nkhani ngati ya mayi aja, kukonza chilembo sikokwanira. Ngakhale mnzanga akanalemba `principle` molondola, mu imelo yokamba za ngongole wowerenga akanatha kuganiza kuti wolembayo walakwitsa sipelo ndipo akunena za ndalama ija. Mawu awiriwa akakumana m'nkhani imodzi ya ndalama, chabwino ndi kuwathawa. Pano timalemba chonchi:

```
The committee supports your request, but it is not final until the manager signs.
If approved, K200,000 comes off the interest in month 6.
The amount borrowed stays at K1,200,000. Please keep paying K260,000 a month.
```

Mizere itatu m'malo mwa umodzi, koma muli manambala, ndipo nambala simveka mofanana ndi inzake.

Nanga nchifukwa chani Chingerezi chili ndi mawu ambiri chonchi omveka mofanana? Ife Chichewa timalemba mmene timatchulira, ukamva mawu ukudziwa kale zilembo zake. Vuto lathu ndi lotembenuka: mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga timalemba mofanana, kusiyana kumamveka pokweza ndi kutsitsa mawu. Chingerezi nacho kale chinkalembedwa moyandikira katchulidwe, koma sipelo inayamba kuuma makina osindikizira mabuku atafika, William Caxton atatsegula malo ake osindikizira ku Westminster mu 1476, pomwe katchulidwe kanapitiriza kusintha kwa zaka mazana angapo. Mawu a `meet` ndi `meat` kale ankamveka mosiyana, kenako anadzakumana pakamwa koma papepala anakhalabe osiyana. Mu `write` muja `w` ankatchulidwa, mu `right` namo `gh` ankamveka. Kuwonjezera apo anabwereka mawu ku Chifalansa, ku Chilatini, ndi ku chiyankhulo cha ma Viking omwe anakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England kuyambira zaka za m'ma 800. `Their` anabwera ndi ma Viking amenewo, pomwe `there` ndi wa Chingerezi chakale chenicheni. Mawu awiri ochokera kosiyana, angopezeka akumveka chimodzimodzi.

Ndipo musaganize kuti amalakwitsa ndi ife tokha omwe tinaphunzira Chingerezi kusukulu. Eni ake chiyankhulo amalakwitsa `their` ndi `there` kwambiri, chifukwa iwo anayamba kumva mawuwo ali ana asanaone kalembedwe kake. Ndalandirapo maimelo ochokera kunja okhala ndi `your welcome` m'malo mwa `you're welcome`. Munthu ukamataipa mothamanga, mutu umatchula chiganizo chamumtima ndipo zala zimatsatira kamvekedweko, nkusankha sipelo yomwe zinazolowera kwambiri. Mnzanga uja amalemba `principal` mwina kakhumi patsiku chifukwa ndi ntchito yake, ndiye zala zinangopita komwe zimapita masiku onse. Sikuti sankadziwa kusiyana kwake, mukanamufunsa akanakuuzani bwinobwino.

Pa `their`, `there` ndi `they're` ife a Chichewa tili ndi mwayi womwe azungu alibe, ndipo ndimadabwa kuti sitiugwiritsa ntchito. Mungotembenuza chiganizocho m'mutu. Ngati m'Chichewa mukutuluka "yawo", "chawo", "awo", monga invoisi yawo kapena katundu wawo, ndi `their`. Ngati mukutuluka "kumeneko", "uko", kapena "pali", "kuli", "muli", ndi `there`, ndipo muone kuti mkati mwake muli `here`, onse ndi a malo. Ngati mukutuluka "iwo ali", "iwo ndi", kapena "aku-" monga akubwera, ndi `they're`, chidule cha `they are`. M'Chichewa atatuwa safanana ngakhale pang'ono, ndiye kutembenuza kumawalekanitsa pompo. Tiyese:

```
Their driver says they're not there yet.
```

Dalaivala wawo akuti iwo sanafike kumeneko. Wawo, iwo, kumeneko, aliyense wakhala pamalo pake. Zolakwika za gulu ili nthawi zambiri ndi zongochititsa manyazi zija, palibe amene angatumize katundu kolakwika chifukwa cha `there invoice`. Koma ndaonapo ndi maso anga abwana akuwerenga makalata ofunsira ntchito, kufika pa mzere wotere nkuika kalatayo pambali osanena kanthu. Kotesheni yopita ku kampani yomwe simunagwire nayo ntchito ndi chimodzimodzi, sakukudziwani, chomwe ali nacho m'manja ndi pepala lanulo basi, ndipo amayamba kudzifunsa ngati manambala anuwo munawaonanso kawiri.

`Its` ndi `it's` ndiye amapusitsa ngakhale anthu osamala, ndipo chifukwa chake nchomveka. Kusukulu tinaphunzira kuti kachizindikiro kam'mwamba kaja, kofanana ndi komwe timaika mu m'nyumba kapena ng'ombe, kamasonyeza umwini: `the manager's office`, `the company's policy`. Ndiye mutu umati polisi ya kampani ija tikafuna kunena kuti "yake" tilembe `it's policy`. Maganizowo ndi olondola ndithu kutsata lamulo lomwe tinaphunzira, moti ngakhale ku England komweko anthu ophunzira ankalemba choncho mpaka m'zaka za m'ma 1700. Mawu a `its` ndi achichepere, anayamba kuoneka kumapeto kwa zaka za m'ma 1500, kale ankangoti `his` ngakhale pa chinthu chopanda moyo. Koma lamulo lomwe linadzakhazikika ndi lakuti `its` ali m'gulu la `his`, `hers`, `ours`, `yours` ndi `theirs`, onse opanda kachizindikiro. `It's` wokhala ndi kachizindikiro ndi chidule cha `it is` kapena `it has`, palibe tanthauzo lachitatu. Ndiye poyesa mungotambasula: `The company changed it is policy` sizikumveka, choncho pakufunika `its`. M'Chichewa, "yake" kapena "chake" ndi `its`, pomwe "ndi", "ili", "yafika" ndi `it's`. Ndipo `its'` wokhala ndi kachizindikiro kumapeto kulibe m'Chingerezi, mukamuona mungofufuta.

Apa foni ndiye imawonjezera moto. Makiyibodi ambiri a pafoni mukalemba `its` amakonda kusintha okha kukhala `it's`, makamaka kumayambiriro kwa chiganizo, inu mwalemba zolondola koma chatumizidwa ndi china. Ine m'makalata a ntchito ndinangosiya kufupikitsa mawu. Ndimalemba `it is`, `they are`, `you are`, `who is` mokwanira. Mukatero ndiye kuti kachizindikiro kalikonse komwe mungakaone pa `it's` kapena `who's` m'kalata yanu ndi kolakwika, simufunikanso kuganiza. Ndi njira yomwe ndimaikonda kwambiri chifukwa imapha mavuto anayi nthawi imodzi, ndipo kalata ya ntchito imaonekanso yaulemu ikakhala yosafupikitsa.

Pali gulu lina lomwe mabuku a azungu salitchula, chifukwa kwa iwo mawuwo samveka mofanana, koma kwa ife amamveka. Chichewa chili ndi mavawelo asanu okha, a e i o u, pomwe Chingerezi cha ku Britain chili ndi kamvekedwe ka mavawelo pafupifupi 20. Ndiye mawu omwe mzungu amawasiyanitsa ife pakamwa pathu amagwera malo amodzi: `staff` ndi `stuff`, `leave` ndi `live`, `fill` ndi `feel`, `heard` ndi `had`. Ndani sanaonepo meseji yoti `I am on live` kapena `please feel the form`? Kenako l ndi r, zomwe m'Chichewa sizisintha tanthauzo la mawu, timangotsata lamulo la kalembedwe loti r amabwera pambuyo pa i ndi e, kwinako l. M'Chingerezi zimasintha, ndipo apa pali awiri oopsa mofanana ndi a ngongole aja: `collect` ndi `correct`. Mukalembera kasitomala kuti `Please correct the invoice` pomwe mumafuna kunena kuti adzatenge invoisi, iye ayamba kufufuza cholakwika pa pepala lomwe lilibe vuto, mwinanso aimitsa malipiro kudikira kuti mumuuze chomwe chalakwika. Chiganizocho ndi chabwinobwino, makina sangachigwire, ndi mtundu womwe uja wodya ndalama ndi nthawi. Awa ndi ofunika kuti aliyense adziwe ake, chifukwa wina amasokoneza `staff` ndi `stuff` koma `leave` samuvuta, wina ndi mosemphanitsa.

Mwachangu, ena omwe amapezeka pa makotesheni ndi m'mashopu: `stationery` ndi mapepala ndi zolembera, kumbukirani `e` wa `envelope`, pomwe `stationary` ndi chinthu choima malo amodzi. `Complimentary` ndi chaulere, `complementary` ndi chothandizana ndi chinzake, ndipo wa loji akasokoneza awiriwa pa chakudya cham'mawa mkangano umabuka pa kauntala nthawi yolipira.

Tsopano kagwiridwe kake. Malangizo omwe anthu amakonda kupereka ndi oti werengani mokweza musanatumize. Ndi abwino pogwira mawu omwe mwadumpha kapena chiganizo chotalika mopitirira, koma pa vuto ili sathandiza konse, chifukwa vutolo ndi lomwelo lakuti khutu silisiyanitsa. Apa pakufunika diso, ndipo diso nalo limanama mukamawerenga zomwe mwalemba nokha, limathamanga nkumaona zomwe mutu ukuyembekezera, ngati mmene tinachitira awiri mwa ife pa foni ya mayi aja. Ndiye mulikakamize kuima. Ine ndili ndi kapepala komata pansi pa sikirini kokhala ndi zidutswa za mawu zomwe ndimafufuza ndi `Ctrl+F` pa kalata iliyonse yokhudza ndalama kapena yopita kwa munthu watsopano:

```
princip
the
it
you
co
```

Zikuoneka zazifupi mwadala. `princip` amagwira onse awiri. Pa zinazo, m'kalata yaitali ndimawonjezera zilembo kuti zisatuluke zambirimbiri, `thei`, `ther`, `its`, `it'`, `your`, `coll`, `corr`. Kompyuta ikaunikira mawuwo ndi mtundu wachikasu, ndimaima pa lililonse nkulitembenuza m'Chichewa: yawo kapena kumeneko, yake kapena ndi, ndalama yobwereka kapena mfundo, kutenga kapena kukonza. Pa imelo ya mizere khumi sizitenga mphindi imodzi. Samalani ndi `it'` pofufuza, chifukwa mapulogalamu ena amasintha kachizindikiro koongoka kukhala kopindika, ndipo bokosi lofufuzira nthawi zina siligwira kopindikako mukataipa koongoka, ndiye kufufuza `it` chabe nkumadumpha zosafunika kumakhala kodalirika.

China chomwe tinasintha mu ofesi ndi chakuti imelo yosintha ndalama iliyonse imawerengedwa ndi munthu yemwe sanali nawo pa zokambiranazo. Sitimufunsa kuti muli zolakwika kapena ayi, timamufunsa kuti, "Mukanakhala kasitomala, mwezi wamawa mukanabwera ndi zingati?" Akatchula nambala yosiyana ndi ya m'buku, kalatayo sichoka. Funso limeneli likanafunsidwa tsiku lija, aliyense wosadziwa nkhani akanayankha K216,700 ndipo tikanadzidzimuka pomwepo. Komanso adiresi ya wolandira timaiika pomaliza, kalata itawerengedwa kale, kuopa chala kugunda batani lotumizira nthawi isanakwane.

Nanga ikapita kale? Mu Gmail muli `Undo Send`, yomwe mungaichune kuti izidikira masekondi 5, 10, 20 kapena 30, ine ndinaika pa 30, chifukwa cholakwika chimakonda kuoneka nthawi yomwe mwangodina kumene. Pa WhatsApp kuyambira 2023 mutha kukonza meseji pasanathe mphindi 15, kungoti imasonyeza kuti yakonzedwa, ndipo ngati munthuyo anawerenga kale sauzidwa kuti mwasintha, ndiye akhoza kukhalabe ndi tanthauzo loyamba lija m'mutu. Kubweza imelo mu Outlook musakudalire pa makasitomala, kumagwira kwenikweni pakati pa anthu a kampani imodzi, wa kunja amakhala walandira basi.

Ndiye funso limatsala loti mutumize meseji yokonza kapena mungosiya. Ine ndimayang'ana mitundu iwiri ija. Ngati ndi `there invoice` kapena `it's policy` kwa munthu yemwe mumagwira naye ntchito kale, musiyeni, imelo yachiwiri yongopepesa kachizindikiro imangomuwonjezera zowerenga. Koma ngati mawu olakwikawo akupereka tanthauzo lina, makamaka pa ndalama, tsiku, kapena chomwe munthu akuyenera kuchita, konzani tsiku lomwelo, molemba, ndipo musangoti pepani ndinalakwitsa sipelo. Nenani chomwe munalemba, chomwe mumatanthauza, ndi nambala yolondola:

```
Correction to my 10:15 email: I wrote "principal" but meant "in principle".
Nothing is final yet. Your payment this month is still K260,000.
```

Kenako muimbe foni nkufotokoza m'Chichewa, chifukwa munthu yemwe wauzidwa kale kuti ngongole yake yatsika sakhutira ndi mizere iwiri. Nthawi ndi yomwe imasiyanitsa zinthu apa. Meseji yotere ikanapita tsiku lomwelo, mayi aja akanakhumudwa pang'ono nkumvetsa. Koma inatha masiku 30 palibe waona, iwo anali atapikula kale katundu wina ndi K43,300 yomwe ankaganiza kuti yatsala m'manja mwawo, ndipo pamenepo kuwauza kuti chinali chilembo chabe kukanakhala kuwalanga pa cholakwa chomwe sichinali chawo. Anamaliza kubweza K1,300,000 yawo mwezi wachisanu ndi chimodzi, osachedwa ngakhale kamodzi, ndipo atabweranso kudzatenga ngongole yachiwiri anapempha kuti chilichonse chomwe tiwalembere tiziwaikira nambala yoti alipire pamwezi pa mzere wakewake.